Momwe mungatsanzikire mwana amene amalira mukamamusiya kusukulu ya mkombaphala

Mwezi wa Seputembala ukafika, pamene sukulu zikutsekulira chaka chatsopano, pazipata za sukulu za mkombaphala pamamveka kulira kwa ana amene akakamira zitenje za amayi awo. Makolo ambiri, poona misozi imeneyi, amadikira kuti mwana ayang'ane kumbali kenako n'kuzemba, kapena amamunamiza kuti akungopita kukagula mandasi ndipo abwera pompano. Inenso ndinachita zomwezo ndi mwana wanga wachiwiri pamene anayamba sukulu ali ndi zaka 2 ndi miyezi 8, ndipo zinanditengera masabata awiri kuti ndizindikire kuti kuzemba kwangako ndi kumene kunkakulitsa vuto. Njira imene ndifotokoze pano yagona pa mfundo imodzi, yoti mwana aziona pamene mukuchoka, azidziwa nthawi imene mubwere, ndipo muzibweradi pa nthawiyo.

Choyamba, mvetsani chimene chikumuliritsa

Mantha osiyana ndi kholo amayamba kuoneka mwana akafika miyezi 6 mpaka 8, amakula kwambiri pakati pa miyezi 10 ndi 18, ndipo mwa ana ambiri amachepa akamayandikira zaka 3, ngakhale kuti amabwereranso pakachitika chachilendo monga kuyamba sukulu, kusamuka kapena kubadwa kwa mng'ono wake. Pa msinkhu umenewu mwana amakhala atazindikira kuti mayi ake akachoka pamaso pake amakhala alipobe kwinakwake, koma sadziwa kuwerenga nthawi, choncho kwa iye maola anayi ndi tsiku lonse sizisiyana.

Katswiri wina wa kaganizidwe ka ana, Mary Ainsworth, anakhala akuyendera mabanja a m'midzi yozungulira mzinda wa Kampala ku Uganda m'zaka za 1954 ndi 1955, ndipo anaona kuti khanda limakwawa kukafufuza zinthu pabwalo molimba mtima likadziwa kuti mayi ake ali pafupi, n'kumabwerera kwa iwo nthawi ndi nthawi. Mwana amene akulira pachipata ndiye kuti malo ake othawirako akuchoka, ndipo sanapezebe munthu wina pasukulupo amene angamudalire chimodzimodzi. Si matama ndipo si kusamva, choncho kumukalipira kapena kumuopseza kuti aphunzitsi amukwapula kumangomutsimikizira kuti malowo ndi oopsadi.

Chachiwiri, konzekerani sabata imodzi sukulu isanayambe

Pitani naye kusukuluko kawiri kapena katatu, mukhaleko mphindi 20 kapena 30 ulendo uliwonse, ndipo mumuonetse kumene kuli chimbudzi, kumene ana amadyera phala, ndi pamene azikoleka chikwama chake. Chofunika kwambiri paulendo umenewu ndi kupempha kuti mphunzitsi mmodzi yemweyo ndiye azimulandira m'mawa uliwonse. Chezani ndi mphunzitsiyo mwana akuona, mupatsane moni ndi kuseka, chifukwa mwana amayang'ana nkhope ya kholo lake kuti adziwe ngati mlendo ndi woyenera kumukhulupirira.

Kunyumba yesererani kusiyana kwa kanthawi kochepa. Musiyeni ndi agogo ake kapena azakhali ake, mumuuze kuti mukupita kumsika ndipo mubwera dzuwa lisanalowe, kenako mubwere ndi kunena kuti, “Ndinati ndibwera, ndabwera.” Yambani ndi mphindi 15, mawa lake theka la ola, kenako ola lathunthu. Kwa ana amene akulira m'manja mwa anthu ambiri pakhomo gawo limeneli limapita msanga, koma kwa mwana amene wakhala kumsana kwa mayi ake okha kuyambira ali khanda, musalidumphe.

Chachitatu, khazikitsani katsanzikidwe kamodzi kosasintha

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Mwambo wotsanzikana uyenera kukhala waufupi, wosapitirira mphindi ziwiri, ndipo uzichitika pamalo amodzimodzi ndi mawu amodzimodzi tsiku lililonse. Wathu unali wotere. Tikamayandikira chipata ndinkamutsitsa kumsana kuti alowe akuyenda yekha atandigwira dzanja, popeza kuchotsa mwana kumsana n'kumupereka kwa munthu wina akulira n'kovuta kuposa kusiya kadzanja kake m'dzanja la mphunzitsi. Tinkakoleka chikwama pamsomali wake, kenako ndinkagwada kuti maso athu alingane, n'kumuuza kuti, “Ndikupita kuntchito. Mukamaliza kudya phala n'kugona, ndibwera kudzakutenga.” Ndinkamukumbatira kamodzi, n'kumupsompsona pachikhato ndi kupinda zala zake ngati kuti ndamusungitsa kanthu, kenako ndinkapereka dzanjalo kwa aphunzitsi, amene ankati, “Pitani bwino, mayi, tili naye.” Zikatero ndinkatembenuka n'kumapita.

Taonani kuti sindinkamuuza kuti ndibwera 12 koloko, chifukwa mwana wa zaka ziwiri sadziwa kuti 12 koloko n'chiyani. Nthawi yake amaiwerengera pa zochitika, choncho funsani aphunzitsi ndondomeko ya tsiku lonse ndipo musankhe chochitika chomaliza musanafike, kaya ndi phala, kaya ndi nyimbo yotsekera. Ngati wodzamutenga ndi munthu wina, mutchuleni, monga kunena kuti abwera ndi achimwene ako kapena agogo, ndipo musalonjeze kubwera nokha pamene mukudziwa kuti simutha.

Mwana akayamba kulira pakati pa mwambowu, musamuuze kuti palibe choliritsa, ndipo musamuyerekeze ndi anzake amene akusewera. Ndi bwino kungotchula chimene akumva, kuti, “Ndikuona kuti sukufuna ndichoke, koma ndibwera mukadya phala,” kenako mumalize mwambowo monga mwa masiku onse. Mawu anu akhale otsika ndipo nkhope ikhale yomasuka, ngakhale mumtima mukumva kuwawa.

Mungamusiyirenso kanthu ka kunyumba. Ine ndinang'amba kansalu pachitenje changa chakale chimene ndinkamuberekera, osachichapa, ndipo ankakasunga m'thumba la yunifolomu. Aphunzitsi anandiuza kuti pa nthawi yogona ankakatulutsa n'kukaika patsaya. Kambiranani ndi sukulu kaye, popeza ena salola zidole zochokera kunyumba poopa kuti ana azilimbirana, koma kansalu kam'thumba sikavutitsa munthu.

Chachinayi, mukatsanzika musabwerere

Zolakwa ziwiri zimene zimaononga zonse ndi kuzemba ndi kubwerera. Kuzemba kumaoneka ngati chifundo chifukwa kholo silimva kulira, koma mwana amalirabe akatembenuka n'kupeza kuti mwasowa, ndipo amaphunzira kuti akangochotsa maso pa inu mumatha kuzimiririka. Pa masabata awiri amene ndinkazemba, mwana wanga anayamba kunditsatira mpaka kubafa, ankadzuka usiku kudzandipapasa ngati ndilipo, ndipo ankayamba kulira tisanatuluke n'komwe m'nyumba akangoona yunifolomu. Zimenezi ndi zizindikiro zoti mwana wasiya kukhulupirira kuti mudzamuuza mukamachoka.

Kubwerera nakonso kuli ndi vuto lake. Mukafika pachipata n'kumva kulira kenako n'kubwerera kukamunyamulanso, mwana amasiyana nanu kawiri m'malo mwa kamodzi, ndipo amaphunzira kuti akalira mwamphamvu mumabwerera, choncho mawa adzalira kuposa lero. Kusuzumira pazenera n'chimodzimodzi, chifukwa akangokuonani zonse zimayambiranso. Ngati mtima sukukhazikika, gwirizanani ndi aphunzitsi kuti akutumizireni uthenga palamya pakatha mphindi 20 kapena 30.

Chachisanu, samalani nthawi yomutenga

Masiku oyambirira fikani msanga ndi mphindi zisanu kapena khumi, kuti asaone anzake onse akutengedwa iye n'kutsala. Kwa amene timadalira minibasi izi zimafuna kunyamuka nthawi ikadalipo, kapena kupempha wachibale wodalirika kuti ndiye azipita sabata yoyamba. Mukafika bwerezani mawu a m'mawa aja, kuti mwadya phala ndipo ine ndabwera, popeza apa ndi pamene lonjezo limatsimikizika. Musadabwe akayamba kulira atangokuonani ngakhale anasewera bwino tsiku lonse, chifukwa ana ambiri amatula zimene anasunga mumtima akafika m'manja mwa munthu amene amamudalira.

Mmene mungadziwire ngati zikuyenda

Musayeze ndi kulira kwa pachipata kokha, koma funsani aphunzitsi mafunso atatu tsiku lililonse: analira kwa mphindi zingati, anadya, ndipo anasewera ndi anzake kapena ayi. Titayamba mwambo wathu, tsiku loyamba analira pafupifupi mphindi 40 ndipo anakana phala. Pofika Lachisanu ankalira mphindi 10 n'kudya theka la mbale. Lolemba lotsatira kulira kunakweranso, zimene zimachitika kawirikawiri mwana akakhala masiku awiri kunyumba, ndipo zimabweranso akadwala kapena pakatha tchuthi. Pa sabata yachitatu ankangonyinyirika pang'ono n'kutambasula yekha chikhato kuti ndimupsompsone. Ngati mphindi zolira zikuchepa sabata ndi sabata, pitirizani osasintha kanthu, ndipo onetsetsani kuti akugona msanga usiku ndi kudya kanthu asananyamuke, chifukwa mwana watulo kapena wanjala satonthozeka msanga.

Pamene muyenera kufufuza zambiri

Pakatha masabata anayi mukutsata mwambowu mokhulupirika koma mwana akulirabe pafupifupi tsiku lonse, sakudya kusukulu, akulota zoopsa, akusanza kapena kudandaula m'mimba m'mawa uliwonse wa sukulu, pitani naye kuchipatala mukafotokoze zonsezi kwa dokotala. Ngati kulirako kukubwera pamodzi ndi kutentha thupi, kufooka kapena kugwiragwira khutu, musadikire masabata amenewo, koma mukamuyezetse tsiku lomwelo, popeza malungo ndi matenda a m'khutu amachititsanso mwana kukakamira kholo.

Chenjerani kwambiri ndi mwana amene anali atazolowera kale n'kumapita mosangalala, kenako mwadzidzidzi wayamba kuopa, makamaka ngati akuopa munthu mmodzi, wayambiranso kukodza pogona atasiya kale, kapena ali ndi mikwingwirima imene palibe akuilongosola. Mufunseni modekha pomusambitsa kapena posewera, ndi mafunso osamuika mawu m'kamwa, monga akuti, “Lero kusukulu kunachitika chiyani?” Fikaninso pasukulupo pa nthawi imene sakukuyembekezerani, muone kuchuluka kwa ana amene mphunzitsi mmodzi akuwasamalira ndi mmene amachitira ndi mwana amene akulira. Mukapeza chokayikitsa, musamutumizekonso mpaka nkhaniyo itamveka, ndipo mukaitule kwa mkulu wa sukuluyo ndi kuofesi yoona za chisamaliro cha anthu m'boma lanu, kapena muimbe nambala yaulere ya 116 imene imalandira madandaulo okhudza ana m'Malawi muno.