Galimoto yayamba kumwa pang'ono: mwapulumutsa mafuta angati pa 100 alionse?

Eni malole ndi maminibasi ambiri akachoka ku sevisi amangoti "pano ikumwako bwino", koma mukawafunsa kuti bwino wake ndi wochuluka bwanji, amaloza kamuvi ka geji. Kamuvi kameneka musakakhulupirire. Pa galimoto zambiri kamakhalitsa m'mwamba thanki ikangodzaza, kenako n'kugwa msanga kakadutsa theka. Chofunika ndi malita olembedwa, aulendo wakale ndi aulendo watsopano, pa msewu womwewo.

Tiyerekeze lole ya matani atatu yonyamula katundu kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre pa msewu wa M1, kudzera ku Dedza, Ntcheu ndi Zalewa, n'kubwerera. Kupita ndi kubwera ndi makilomita pafupifupi 620. Tsiku lonyamuka dzazani thanki mpaka pampu itadzidula yokha koyamba, ndipo muwauze othira mafutawo kuti asawonjezere kapena kugwedeza galimoto. Mukabwerako, pitani pa pampu yomweyo, muime mmene munaimira, mudzazenso chimodzimodzi. Malita amene alowa kachiwirika ndiwo amene lole yamwa pa ulendowo. Ngati munathirako ena panjira, tinene pa Ntcheu, aphatikizeni.

Tinene kuti ulendo woyamba yamwa malita 80 a dizilo. Kenako mwasintha fyuluta ya mpweya yomwe inatsekeka ndi fumbi, mwapopa matayala kufika pa mlingo wake, ndipo adalaivala asiya kuthamanga ndi kusiya injini ikulira akamatsitsa katundu. Ulendo wachiwiri yamwa malita 68.

Choyamba chotsani: 80 kuchotsapo 68, atsala malita 12. Amenewa ndiwo mwapulumutsa. Kenako gawani 12 ndi malita akale aja, 80, mupeza 0.15. Chulukitsani ndi 100, yankho ndi 15 peresenti. Tanthauzo lake n'lakuti pa malita 100 alionse amene munkagula kale pa ulendowu, 15 simukuwagulanso.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Poti nambala yatsopano ndiyo ili pa lisiti lomwe lili m'manja, amagawa 12 ndi 68, n'kupeza 17.6 peresenti. Nambalayo ndi yokoma m'makutu, koma ikuyankha funso lina: likunena kuchuluka kwa mafuta amene lole inkamwa mopitirira poyerekeza ndi lero. Kupulumutsa kumayezedwa pa chimene munali nacho poyamba, choncho pansi pamakhala malita akale nthawi zonse. Njira yodzitsimikizira ndi yosavuta: tengani peresenti mwapezayo pa malita akale, muone ngati ikukubwezerani malita mwapulumutsa. 15 peresenti ya 80 ndi 12, zagwirizana. 17.6 peresenti ya 80 ndi malita 14, omwe simunawaone.

Musawerengere makwacha. Mtengo wa mafuta amalengeza a MERA ndipo umasintha, moti mutha kulipira ndalama zambiri pa ulendo umene lole yamwa pang'ono. Pezani kaye malita, ndalama zibwere pambuyo: malita 12 aja muwachulukitse ndi mtengo wa lita imodzi wa tsiku limenelo.

Mawu oti "ulendo womwewo" nawonso amafuna kusamala. Wochoka ku Lilongwe kupita ku Salima amatsetsereka kulowera kunyanja, pobwerera amakwera. Akayerekeza kupita kwa lero ndi kubwera kwa dzulo, aona ngati wapulumutsa zambiri pomwe ndi mtsetse wamuthandiza. N'chifukwa chake timayeza kupita ndi kubwera pamodzi. Katundunso akhale wofanana. Lole yomwe inasenza matumba 60 a chimanga sabata yatha, lero n'kusenza 30, singauze munthu chilichonse za fyuluta. Yang'ananinso makilomita pa dashibodi ponyamuka ndi pofika; akasiyana kwambiri ndi aulendo wakale, ndiye kuti galimoto inapatukira kwina, ndipo funsolo likhala la adalaivala, osati la masamu.

Kusiyana kukakhala kochepa, musafulumire kusangalala. Kadzazidwe ka thanki pakokha katha kusiyanitsa lita imodzi kapena awiri, ndipo malita 2 pa 80 ndi 2.5 peresenti kale. Mukapeza nambala yaing'ono chotere, phatikizani maulendo atatu akale ndi atatu atsopano, ndiye muwerengere pa zophatikizazo.

Mwezi wamawa mukadzasinthanso china, lole n'kutsika ndi 10 peresenti ina, musaphatikize 15 ndi 10 kuti 25. Peresenti yachiwiriyo ikuchoka pa 68, osati pa 80. Ndi malita 6.8, kutsala 61.2. Kuchokera pa 80 mwapulumutsa malita 18.8, omwe ndi 23.5 peresenti.