Tikaode bwanji mabelo a shuga: samu ya EOQ ndi pomwe imalephera

Anzanga amashopu ndi inu amakopaletivi a ku Lizulu, Bembeke, Tsangano mpaka pa Boma pa Ntcheu, funso loti "tikaode angati ulendo uno" lili ndi samu yake. Anailemba ndi Ford W. Harris mu 1913, ndipo m'mabuku a bizinezi amaitchula EOQ. Tiyeni tiiyende limodzi pogwiritsa ntchito shopu yongoyerekeza, manambala onsewa ndi achitsanzo, inu muikepo anu.

Tinene kuti shopu ya kopaletivi pa Lizulu imagulitsa mabelo a shuga 100 pamwezi, ndiye kuti 1,200 pachaka, belo imodzi akuoda pa K40,000 ku Lilongwe. Pali ndalama ziwiri zomwe zimakokerana. Yoyamba ndi ya ulendo: thiransipoti ya munthu okaodayo, chakudya, mayunitsi, ndi tsiku lomwe wataya. Imeneyi mumalipira chimodzimodzi kaya mwabwerako ndi mabelo 20 kaya 200, tiike K50,000. Yachiwiri ndi yosungira katundu, ndipo ndi yomwe ambiri simuiwerengera chifukwa siituluka m'thumba mukuona. Belo ikangokhala m'sitolo ndalama yanu yagona, ngongole ikubereka chiongoladzanja, makoswe akuboola, chinyezi cha kuno kumapiri chikuumbitsa shuga mpaka makasitomala kumakana. Tinene kuti zonsezi zimadya 30 peresenti ya mtengo wa belo pachaka, ndiye K12,000 pa belo imodzi ikakhala chaka chonse.

Tsono tayesani kuoda mabelo 50 ulendo uliwonse. Maulendo akhala 24 pachaka, K1,200,000 yapita mumsewu. M'sitolo mumayamba ndi 50 nkumatsika mpaka ziro, ndiye pakatikati mumakhala ndi theka lake, 25, kuchulukitsa ndi K12,000 ikukwana K300,000. Zonse pamodzi K1,500,000. Mukati ayi tizikaoda 200, maulendo atsika kufika 6, K300,000 basi, koma m'sitolo mukukhala mabelo 100 pakatikati, K1,200,000. Pamodzi ndi K1,500,000 yomwe ija. Mwaona? Ina ikamatsika inzake ikukwera, ndipo pamene zonse pamodzi zimachepetsetsa ndi pomwe ziwirizi zafanana. Samu yonse yachokera pamenepa.

```
(D/Q) x S = (Q/2) x H
Q x Q = 2DS/H
Q = √(2DS/H)
```

D ndi mabelo omwe mumagulitsa pachaka, S ndi ndalama ya ulendo umodzi, H ndi yosungira belo imodzi pachaka, Q ndi yomwe tikufunayo. Pa foni yanu chulukitsani 2 ndi 1,200 ndi 50,000, ituluka 120,000,000, gawani ndi 12,000 ituluka 10,000, ndipo nambala yomwe mukaichulukitsa ndi iyo yomwe ipereke 10,000 ndi 100. Ndiye mabelo 100, kamodzi pamwezi, K600,000 mumsewu ndi K600,000 m'sitolo, pamodzi K1,200,000.

Chomwe ine ndimaikondera samuyi ndichoti siifuna kuti mulondole ndendende. Mukaoda 80 zonse zikukwana K1,230,000, mukaoda 120 ndi K1,220,000. Kusiyana kwake nkochepa kwambiri, ndiye musamakangane pa komiti chifukwa cha mabelo khumi. Chomwe chimapweteka ndikuoda theka kapena kuwirikiza kawiri.

Koma samuyi imaganiza zinthu zingapo zomwe pamsika pathu sizikhala choncho.

Choyamba ndi thiransipoti. Ngati wa lole amakutchajani pa belo iliyonse, ndalama imeneyo musaiike mu S, iphatikizeni ku mtengo wa belo, chifukwa muilipirabe kaya mwaoda kangati. Ambiri amasakaniza, S imatupa, samu nkuwauza kuti aode katundu wambiri kuposa oyenera. Ndipo mukahaya galimoto yonse, belo ya makilo 20 ndiye kuti mabelo 100 ndi matani awiri, kapikapu ka tani imodzi kafunika kuyenda kawiri, apo S salinso nambala imodzi. Zikatero werengani padera galimoto yodzadza imodzi, kenako ziwiri, muone yotchipa.

Chachiwiri ndi komwe mwatenga mpamba. Ija 30 peresenti ndi ya munthu amene ndalama yake siyokwera mtengo. Ngati mpamba mwabwereka ku banki mkhonde pa 10 peresenti pamwezi, belo ya K40,000 ikudya K4,000 mwezi uliwonse, K48,000 pachaka, tisanawerenge makoswe. Ikani H imeneyo mu samu, Q yatsika kufika 50. Shopu yomweyo, shuga yemweyo, koma yankho lasintha ndi theka. Ndichifukwa chake kutengera kaodedwe ka mnzanu wa shopu yoyandikana nkoopsa, simukudziwa kuti ndalama yake waitenga kuti.

Nkhani ya disikaunti ndiye ndikufuna tiikhalire pansi, poti ndi pomwe anthu amakopeka msanga. Samuyi imaganiza kuti mtengo ndi umodzi, koma wa holoselo akuti mukatenga mabelo 300 ndikuchotserani 2 peresenti. Musagwiritse fomula apa, werengani chaka chonse. Kuchotsera K800 pa mabelo 1,200 mwapulumutsa K960,000. Maulendo ndi 4, K200,000. M'sitolo mukukhala mabelo 150 pakatikati, ndipo poti belo yatsika mtengo kufika K39,200 kusunga kwake ndi K11,760, pamodzi K1,764,000. Ulendo ndi kusunga zakwana K1,964,000, kuposa ija K1,200,000 ndi K764,000. Mwapulumutsa K960,000 mwaonjezera K764,000, mwatsala ndi phindu la K196,000, ndiye dilu imeneyi ndiyabwino pang'ono. Koma akangoti 1 peresenti, mupulumutsa K480,000 pomwe zoonjezera zafika K782,000, mwaluza ngakhale risiti ikuoneka yokoma. Ndiponso ngakhale ija ya 2 peresenti ikufuna K11,760,000 nthawi imodzi, ndi sitolo yosadontha yokwana matani 6, ndiye dzifunseni ngati mafuta ophikira ndi sopo mutsale ndi ndalama yowaodera.

Samuyi imaganizanso kuti malonda amayenda mofanana chaka chonse, pomwe tonse tikudziwa kuti anthu akakumba mbatatesi nkugulitsa, shuga amathamanga, ikafika Januwale ndi Febuluwale ndalama yapita ku feteleza ndi chimanga. Gawani chaka pawiri. Nyengo yomwe mukugulitsa 200 pamwezi, D ikani 2,400, Q ituluka pafupifupi 141, osati 200 ayi, chifukwa malonda akawirikiza kawiri oda siwirikiza kawiri. Nyengo ya 50 pamwezi D ndi 600, Q ndi pafupifupi 71. Feteleza ndi mbewu zomwe zimagulidwa miyezi yochepa mvula ikamayandikira musazipangire samuyi nkomwe, pamenepo funso ndiloti nyengo yonse idya matumba angati ndipo otsala mudzawatani.

Nanga mitengo ikamalumpha? Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, ndipo amene anali ndi katundu m'sitolo anapeza bwino kuposa amene anagwira ndalama m'manja. Mitengo ikamakwera mosalekeza, kusunga katundu osaonongeka kumatchipa, ndiye kuoda mopitirirako pa Q kuli ndi nzeru, bola shugayo asaumbike. Komanso samuyi siikuuzani tsiku lokaoda, imangoganiza kuti mukatuma katundu afika pompo. Ngati mumagulitsa mabelo 4 patsiku ndipo katundu amatenga masiku atatu kufika, kaodeni atatsala 12, ndipo nthawi yomwe shuga kapena dizilo akusowa onjezeranipo a masiku ena asanu, mabelo 20, muzitumiza oda atatsala 32.