Wina wasintha imelo pa Instagram yanga, nditani?

"Ndimagulitsa zitenje pa Instagram kuno ku Mchinji. M'mawa uno akaunti yakana kutseguka, ndipo ndalandira uthenga woti imelo yanga yasinthidwa. Sindine ndasintha ayi. Ndithandizeni."

Mayi, chitani izi lero lomwe, chifukwa linki yobwezera imelo yanu, imene Instagram imatumiza, imatha ntchito pakapita nthawi.

Choyamba, tsegulani imelo yanu yakale, osati Instagram. Pezani uthenga wochokera ku security@mail.instagram.com, ukasowa, yang'anani mu Spam ndi mu Trash. Adiresiyo muiwerenge chilembo ndi chilembo, poti akuba amatumizanso mauthenga abodza ofanana nawo. Mukaupeza mu Trash musanaufufute nokha, dziwani kuti wakubayo walowanso mu imelo yanu. Zikatero yambani mwasintha pasiwedi ya imeloyo, apo ayi mukhala mukutunga madzi ndi dengu.

Kenako mu uthenga wa Instagram uja dinani pamene alemba "Secure my account" (mauthenga ena amati "Revert this change"). Imelo yanu ibwerera pa akaunti. Pomwepo ikani pasiwedi yatsopano, onani ngati nambala ya foni ikadali yanu, chotsani mafoni achilendo pa "Where you're logged in", ndipo yatsani "Two-factor authentication", chitetezo chofunsa kodi kuwonjezera pa pasiwedi.

Linki ikakana, ndiye kuti mwina nthawi yadutsa. Pitani pa instagram.com/hacked mupemphe kodi yolowera mu akaunti. Angakuuzeni kujambula kavidiyo ka nkhope yanu, koma njirayi imathandiza akaunti ikakhala ndi zithunzi zanu, osati za zitenje zokhazokha.

Pakadali pano chenjezani makasitomala pa WhatsApp asatumize ndalama ku nambala yachilendo.