Matayala akayamba kupalasa matope, chotsani phazi pa moto

Dzinja lino ndayenda misewu yafumbi ya ku Mitundu ndi ku Malingunde, ndipo paliponse pamene pali kachitunda ka katondo ndapeza nkhani imodzimodzi. Pikapu yaima, injini ikulira ngati chigayo, matayala akumbuyo akuwaza matope kwa anyamata okankha, dalaivala wapondabe moto mpaka pansi. Ukamufunsa akuti galimoto ilibe mphamvu. Achimwene, mphamvu ilipo yochita kusefukira. Chasowa ndi pogwira tayala.

Injini simakankha galimoto, imangopotokola shafiti. Tiyerekeze kuti injini ya pikapu yanu ikupotokola ndi mphamvu ya 200 Nm, Nm kukhala muyeso wa mphamvu yopotokola. Giya wani ichulukitsa kanayi, difu, magiya ogawira mphamvu ku matayala awiri akumbuyo, nayo kanayi, ndiye pa matayala pafika 3,200 Nm. Kuchokera pakati pa gudumu kufika pansi ndi masentimita 35, choncho mukagawa 3,200 ndi 0.35 mupeza manyutoni opitirira pang'ono 9,000, ndipo poti manyutoni pafupifupi 10 ndi kulemera kwa kilogalamu imodzi, ndiye kuti matayala angathe kukankha nthaka cham'mbuyo ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 900. Nthaka ikalimba osagonja, imabweza kukankhako, ndipo kubwezako ndi kumene kumayendetsa galimoto.

Vuto ndi loti nthaka ili ndi malire ake, ndipo malirewo sadziwa kukula kwa injini yanu. Amadalira zinthu ziwiri basi: kulemera kumene kwatsamira pa matayala okoka, ndi kukhakhala kwa pamene tayala laponda. Pikapu yopanda katundu yolemera makilogalamu 1,800 imatsamira kwambiri kutsogolo kumene kuli injini, kumbuyo, kumene kuli matayala okoka, mwina kumatsala 800. Pa tala wouma tayala limagwira pafupifupi magawo 8 mwa 10 a kulemerako, omwe ndi makilogalamu 640. Pa katondo wonyowa zimatsika kufika mwina magawo 2 mwa 10, makilogalamu 160 okha. Inu mukutumiza 900, nthaka ikulandira 160. Zotsalazo zithera kuzunguza tayala pachabe, kulitenthetsa ndi kukumba dzenje. Tayala likangoyamba kupalasa, mano ake amadzaza matope, limasalaza njira yake yomwe, ndipo ngakhale 160 uja amachepa. Ndi chifukwa chake galimoto singanyamuke mwaliwiro kuposa mmene nthaka yalolera, olo mutaikamo injini ya lole.

Tsono onjezani chitunda. Msewu ukamakwera mita imodzi pa mamita 10 aliwonse, galimoto ya makilogalamu 1,800 imafuna 180 kuti ingoima osabwerera. Muli ndi 160. Pondani mpaka dzuwa lilowe, simukwera.

Mlimi wina wa fodya ndinamupeza ndi pikapu yotere pa chitunda chotere atatsitsa matumba 10 a feteleza wobereketsa n'kuwaunjika m'mbali mwa msewu, mvula ikuwaza, ati kupepuza galimoto. Ndinati, "Bambo, mwachotsa chimene chimakugwiritsani pansi." Iwo akuti, "Alangizi, kuyambira kale timatero, ngolo ikatitimira timatsitsa katundu." Ngolo imakokedwa ndi ng'ombe, magudumu ake sakoka kanthu! Tinabwezeramo matumba aja, makilogalamu 500, pamwamba penipeni pa matayala akumbuyo. Kumbuyo kunafika 1,300, nthaka n'kulola 260, pomwe chitunda chimafuna 230. Mpata wochepa, koma inakwera mwakachetechete pa giya thuu. Pofika apo n'kuti atalipira kale anyamata asanu, dizilo atapsa, kilatchi ikununkha, matumba awiri atanyowa. Kutsitsa katundu kumathandiza pokhapo pamene mwatitimira m'dambo mpaka mimba ya galimoto yakhala pansi, osati pa katondo woterera pamwamba koma wolimba pansi.

Chimene chimandinyansa kwambiri ndi ichi: munthu akuona yekha tayala limodzi likuzungulira, linalo lili duu, koma akupondabe. Difu wamba imagawa mphamvu yopotokola mofanana mbali zonse ziwiri, ndiye tayala lomwe lili poterera ndi limene limalamula. Likamagwira pang'ono, linzake la pouma nalo limalandira pang'ono pomwepo. Pa thirakitala pali chopondera chomangira difu kuti matayala onse awiri azizungulira limodzi, koma ena mwa inu simunachigwirepo chigulireni.

Zochita ndi zodziwika. Mukamva injini ikukwera mawu koma mitengo ya m'mbali siikusuntha, chotsani phazi. Nyamukani pa giya thuu, moto pang'ono. Katundu akhale pamwamba pa matayala okoka, okankha ena akwere kumbuyo. Ikani miyala, mchenga kapena nthambi pansi pa tayala lomwe likupalasalo, osati linalo. Pofewa phwetsani mpweya pang'ono, koma mupope mukangofika pa tala. Chomangira difu muchimasule musanakhote.