Mneni wa Mawu Awiri Posintha Nthawi

Kalasi ya Fomu 4 imene ndimaphunzitsa ku Kawale inkagwa pa funso la Chingerezi ili: "They called off the match" yambani ndi "The match". Ambiri ankalemba "The match was called", n'kutaya "off". Tanthauzo limatha pomwepo, chifukwa "call" yekha ndi kuitana, pamene "call off" ndi kulephereketsa.

Ndinawauza kuti asanalembe kanthu, azunguze kamawu kakang'onoko ndi pensulo. Kameneko sikasintha. Nthawi imalowa mwa mneni yekha: "was called off", osati "call offed" (zoterezi ndimazipeza m'makope). Akamaliza, aone ngati kozunguzidwako kafika m'yankho.

Mlowam'malo ndiye amavutabe. "She puts it on" imakhala "She put it on" m'nthawi yakale, ndipo "it" sachoka pakati. "Put on it" ndimadula malikisi.