Chifukwa chimene magazi a mayi woyembekezera amachulukira koma n'kumaoneka osungunuka

Mayi akapita ku sikelo ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi n'kuona kuti nambala ya Hb, yosonyeza mlingo wa himogulobini m'magazi, imene namwino walemba m'buku lake yatsika poyerekeza ndi ya ulendo woyamba, kawirikawiri amabwerera kunyumba ali ndi nkhawa yoti mwana akumuthera magazi. Zoona zake n'zakuti pa nthawi imeneyi mayiyo amakhala ndi magazi ambiri kuposa amene anali nawo asanatenge pakati, ndipo alangizi a zaumoyo tiyenera kudziwa kulongosola bwino nkhaniyi.

Magazi ali ndi zigawo zikuluzikulu ziwiri: madzi achikasu otchedwa pulazima, ndi maselo ofiira amene amanyamula mpweya wa okosijeni pogwiritsa ntchito himogulobini. Pakati pakangotha sabata 6 mpaka 8, mahomoni monga pulojesiteroni amafewetsa mitsempha ya magazi n'kuikulitsa. Impso zikazindikira kuti mitsemphayo siyadzaza mokwanira, zimayamba kusunga mchere ndi madzi m'malo mozitaya mumkodzo, motero pulazima amawonjezeka pang'onopang'ono mpaka kufika pachimake cha m'ma sabata 32 mpaka 34, atakwera ndi 40 mpaka 50 peresenti. Maselo ofiira nawonso amawonjezeka, koma mochedwerapo, ndiponso ndi 20 mpaka 30 peresenti yokha. Zili ngati munthu amene wawonjezera sobo m'jagi, kenaka n'kuthiramo madzi ochuluka kuposa sobo wawonjezerayo: sobo ndi wambiri kuposa poyamba, koma mtundu wake wapepuka.

Tiyerekeze mayi amene asanatenge pakati anali ndi pulazima wokwana mamililita 2,600 ndi maselo ofiira mamililita 1,400, Hb yake ili 13. Pofika sabata 32, pulazima wafika mamililita 3,850 ndipo maselo ofiira afika 1,700. Magazi onse achoka pa malita 4 kufika pa malita oposa 5 ndi theka, koma gawo la maselo ofiira latsika kuchoka pa 35 kufika pafupifupi 31 pa 100 alionse, choncho Hb yake iwerengedwa cha m'ma 11.4. Mayiyu sanataye kanthu, chifukwa choyezera chimangoona kuchuluka kwa himogulobini m'kadontho, osati m'thupi lonse.

Thupi limachita zimenezi pa zifukwa zomveka. Pofika kumapeto, chiberekero ndi nsengwa zimalandira magazi oposa theka la lita pa mphindi iliyonse, ndipo magazi osungunukirako amadutsa mosavuta m'timitsempha ta nsengwa kusiyana ndi okhathamira. Komanso mayi akachira mwachibadwa amatha kutaya magazi okwana theka la lita, ndipo pa opaleshoni amatha kutaya lita yathunthu, kotero magazi owonjezerawo amakhala nkhokwe yomuteteza pa tsikulo. N'chifukwa chake Hb imene siitsika n'komwe, makamaka ikamapitirira 13 m'miyezi yapakati, siyosangalatsa monga mmene ambiri amaganizira, pakuti nthawi zina imasonyeza kuti pulazima sanawonjezeke mokwanira, zimene zimaonekanso mwa amayi amene magazi awo akuthamanga kwambiri chifukwa cha pakati kapena amene mwana wawo sakukula bwino.

Komabe kusungunuka kumeneku kuli ndi malire. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse limati mayi ali ndi vuto la kuchepa kwa magazi ngati Hb yake ili pansi pa 11 m'miyezi itatu yoyambirira ndi itatu yomalizira, kapena pansi pa 10.5 m'miyezi itatu yapakati, ndipo ikatsika kufika pansi pa 7 ndiye kuti zafika poopsa. Mayi wa Hb 9 tisamamutonthoze kuti ndi madzi chabe, chifukwa kuno kwathu kuchepa kwa ayironi, malungo ndi njoka zam'mimba zimabisala mosavuta kuseri kwa mawu amenewa. Tiyang'ane m'zikhatho, m'kati mwa chikope cham'munsi ndi lilime ngati zayererako, ndipo timufunse ngati amapuma mwawefuwefu kapena mtima umamuthamanga ngakhale atangokhala. Zikakhala choncho apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Ngakhale mayi amene nambala yake ili bwino asaleke kumwa mapiritsi owonjezera magazi a ayironi ndi foliki asidi tsiku lililonse, popeza pakati pamodzi pamafuna ayironi wokwana pafupifupi mamiligalamu 1,000, ndipo gawo lalikulu limapita kukapanga maselo ofiira atsopano aja. Asamwere tiyi mapiritsiwo, chifukwa tiyi amachepetsa ayironi amene thupi limatenga. Asachepetsenso madzi akumwa poganiza kuti magazi akhathamira, pakuti madzi owonjezerawo impso zidzawachotsa zokha mayi akachira, ndipo pulazima amabwerera mwakale pofika sabata pafupifupi 6.