Ŵ akasanduka zilembo zachilendo

"Ndikatsegula mu Excel fayilo ya CSV ya zomwe ndamasulira, Malaŵi akuoneka ngati MalaÅµi. Nditani, achimwene?"

Achemwali, choyamba musasunge fayiloyo ikuoneka chonchi, mungaipitse zolemba zanu zonse. Mawu anu ali bwinobwino, kungoti Excel waŵerenga UTF-8 ngati Windows-1252, zomwe ndi njira ziŵiri zosiyana zosungira zilembo mu kompyuta, ndiye ŵ mmodzi wagaŵika paŵiri.

Itsekeni. Tsegulani tsamba lopanda kanthu, pitani pa Data, kenako From Text/CSV. Pa File Origin sankhani 65001: Unicode (UTF-8), muone ngati ŵ ndi timizere ta kamvekedwe, monga pa á, zabwerera, kenako dinani Load.

Posunga sankhani CSV UTF-8. CSV wamba amaika ? kapena w pamalo pa ŵ, ndipo zikatero palibe chobwezera, mudzalembanso pamanja.